Kanema wa mabuliketi athu asapitirire mphindi 3: ndidule pati?

Tiyamike: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ena mukudziwa kuti ine ndi mlongo wanga timapanga mabuliketi, makala ophikira a mankhusu a mpunga, kuno ku Matawale ku Zomba. Mankhusuwo timatenga ku zigayo zomwe zimapuntha mpunga wa ku Likangala, timawaotcha mu mgolo mpaka ade, timasakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa, kenako timapanikiza ndi kamakina ka manja n'kuyanika padzuwa. Lachinayi la sabata ya mawa tikukumana ndi anthu atatu amene amaika ndalama mu mabizinesi ang'onoang'ono. Awiri ndi a ku Lilongwe, mmodzi ndi wakunja, samva Chichewa. Atipatsa mphindi 15 zonse pamodzi, ndipo ati tibwere ndi kanema wosapitirira mphindi 3. Ndalemba mawu oti anenedwe mu kanemayo, koma nditawerenga mokweza atenga mphindi 7. Chilichonse chikundionekera chofunika. Ndidule pati?

Yohane: Zosavuta achemwali. Ikani nyimbo yomwe yavuta pano, mtengo, nambala ya foni ndi malo amene mumapezeka. Mukaponya pa Facebook ndi pa masitetasi anthu ayamba kuimba tsiku lomwelo. Ine nsapato ndimagulitsa choncho.

Tiyamike: Ayi achimwene, si wotsatsa malonda ameneyu. Anthuwa sakubwera kudzagula mabuliketi. Akufuna aone ngati angaike ndalama zawo mu bizinesiyi.

Yohane: Ooh, pepani, ndinamva molakwika. Ndiye ndikhala pansi ndiphunzire nawo.

Bambo Nkhoma: Mwana wanga, tatumizani ndime yoyamba ya zomwe mwalembazo, momwe ziliri. Musakonze kalikonse.

Tiyamike: Nayi bambo:

"Zomba unali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975. Ndi mzinda wodziwika ndi phiri lokongola, mitsinje ngati Mulunguzi ndi Likangala, komanso sukulu ya ukachenjede. Koma lero mitengo ikutha chifukwa cha makala. Tsiku lililonse njinga zimalowa mumzinda zitasenza matumba a makala. Ife, monga achinyamata okonda dziko lathu, tinaona kuti sitingangokhala manja lende..."

Ikupitirira choncho, kenako mbiri yathu, kenako kapangidwe.

Mayamiko: Ineyo ndikuona kuti chiyambi chimenechi ndi chabwino kwambiri. Ndili ndi mnzanga ali ndi dironi. Tikwere ku Chawe m'mamawa, tijambule phiri kuchokera m'mwamba, malo ometeka aja aoneke, nyimbo yachisoni ikulira chapansipansi. Ndajambula maukwati ambiri, ndikudziwa kuti munthu ukamugwira mtima mu masekondi 10 oyamba sachokanso.

Bambo Nkhoma: A Mayamiko, za masekondi 10 oyambazo mukunena zoona. Koma funso ndi lakuti masekondi amenewo tiwapatse ndani. Ine ndagwira ntchito zaka zambiri younika mapempho a ngongole za mabizinesi, ndipo ndakhalapo kumbali ya tebulo komwe kudzakhale alendo atatuwa. Munthu aliyense wa mabuliketi, wa mbaula zosatha nkhuni, wa gasi, amayamba ndi phiri lometeka. Alendowa za kutha kwa mitengo akuzidziwa kale, n'chifukwa chake avomera kukumana nanu. Chomwe sakudziwa ndi ichi: ndani amatulutsa ndalama m'thumba kugula katundu wanu, ndipo amabweranso chifukwa chiyani? Phiri siligula buliketi. Tiyamike, tandiuzeni, kasitomala wanu wokhulupirika kuposa onse ndi ndani?

Tiyamike: Ndi mayi wina wa lesitilanti ku Chinamwali. Amatenga makilo 4 tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Tsopano ndi miyezi 5.

Bambo Nkhoma: Asanakudziweni ankaononga zingati pa moto? Nanga pano?

Tiyamike: Ankagula makala a K6,000 patsiku. Pano amagula mabuliketi pafupifupi a K2,500 ndi makala a K2,000. Makalawo sanasiye chifukwa akuti nsima ndi zokazinga zimafuna moto waukali. Mabuliketi amaphikira nyemba ndi nyama ya ng'ombe, zinthu zokhalitsa pamoto.

Bambo Nkhoma: Kanema wanu ndi ameneyo, mwamulemba kale mu mizere inayi imeneyi. Mayi amene ankaotcha K6,000 patsiku pano akuotcha K4,500. Ndi K1,500 yotsala tsiku lililonse, pa masiku 26 ogwira ntchito ndi K39,000 pamwezi. Vuto likhale la mayiyu, yankho lioneke pa mbaula ya mayiyu, umboni utuluke mkamwa mwake ndi m'kope lanu la maoda.

Tsopano kalembedwe. Mwafika mphindi 7 chifukwa mwalemba chimangirizo, ngati cha kusukulu. Tengani pepala, mulembe mzere pakati kuchokera pamwamba kufika pansi. Kumanzere muzilemba chomwe diso likuona, kumanja chomwe khutu likumva. Lamulo ndi limodzi: chiganizo chilichonse cha kumanja chikhale ndi chinthu kumanzere chomwe kamera ingajambule n'kuchitsimikiza. "Ndife achinyamata okonda dziko lathu" mujambula chiyani? Palibe. Chichoke. "Mayiwa amalipira K6,000" mujambula dzanja likuwerenga ndalama kwa wogulitsa makala. Chimenecho chikhale. Mukatsata lamulo limeneli theka la mawu anu ligwa lokha, simuchita kumva kuwawa podula.

Tiyamike: Nanga mawu onse akhale angati?

Bambo Nkhoma: Pa Chingerezi anthu ojambula amawerengera mawu 130 mpaka 150 pa mphindi. Pa Chichewa musatengere zimenezo, mawu athu ndi aatali, liwu limodzi ngati "sindinawagulitsepo" ndi chiganizo chathunthu. Ine ndikawerenga modekha ndimafika cha m'ma 90 kapena 100. Komanso simuyenera kulankhula mphindi zitatu zonse, penapake chithunzi chilankhule chokha. Ndiye lingalirani mawu osapitirira 200, kuphatikizapo a mayi aja. Koma choyezera chenicheni ndi wotchi ya pafoni. Werengani mokweza, mutaimirira, osathamanga.

Mayamiko: Chabwino, za dironi ndagonja pang'ono, ngakhale ndibwereranso. Koma pa umboni ndili ndi ganizo. Mbaula ziwiri moyandikana, ina makala ina mabuliketi, kilo imodzi imodzi, poto wa madzi pa iliyonse, wotchi pakati. Tione oyamba kuwira. Zimenezi zimaoneka bwino kwambiri pa kamera, nthunzi ikamatuluka.

Dalitso: Mukaikamo choyezera kutentha musadabwe chikakana kufika 100. Zomba ali pamtunda, mamita opitirira 900, ndiye madzi kuno amawira cha pa 97. Ndimawaonetsa ana a Fomu 3 chaka chilichonse.

Tiyamike: Apa ndiye pali vuto langa, ndinene zoona. Tinayesapo zimenezo ndi malita 5. Makala anawiritsa pa mphindi 19, mabuliketi pa mphindi 24. Amachedwanso kuyaka poyamba, ndipo phulusa ndi lambiri. Ndimaganiza kuti mwina tijambule mbaula yathu yokha, kapena tiyatse yathu msanga kamera isanayambe.

Mayi Nachisale: Iyayi mwanawe, chimenecho usayerekeze. Ine ndaphikira anthu pa Mpondabwino zaka zambiri. Aliyense amene anagwirapo mbaula adziwa poona mtundu wa moto kuti uwu wayamba kale. Ndipo akakupempha kuti uwapatse paketi akayese kunyumba, ukana? Akakayesa n'kupeza zosiyana ndi kanema, sadzakuimbiranso, ndipo sadzakuuza chifukwa chake.

Bambo Nkhoma: Mayi Nachisale anena. Koma taonaninso apa: mayeso a madziwo akuyankha funso lomwe simunafunsidwe. Inu simukugulitsa liwiro. Mayi a ku Chinamwali sanabwere kwa inu chifukwa moto wanu ndi wachangu, anabwera chifukwa nyemba zikupsa ndi ndalama zochepa. Mankhusu a mpunga ali ndi phulusa lochuluka mwachibadwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ndiye kilo pa kilo makala a mtengo adzakuposani nthawi zonse. Mukayeza ndi sikelo mwadzigwetsa nokha. Kasitomala sagula moto pa kilo, amagula pa kwacha.

Ndiye mayeso akhale a nyemba, ndipo muyeso ukhale ndalama. Nyemba za m'thumba limodzi, makilo 2 poto aliyense, zonse zosanyika. Mapoto ofanana, zivundikiro zofanana, madzi ofanana, mbaula za mtundu umodzi. Pambali pa mbaula iyi mulu wa makala a K1,500, pambali pa inayo mulu wa mabuliketi a K1,500. Kutsogolo kwa mulu uliwonse kapepala kolembedwa mtengo ndi tsiku. Muyatse nthawi imodzi, kamera ikuona. Mbali yomwe moto wathera nyemba zisanapse, muonjezere, ndipo ndalama yoonjezerayo ilembedwe pa kapepala pomwepo. Pomaliza mayi aja atape nyemba m'poto aliyense, afinye ndi zala.

Che Jafali: Ndilowererepo pa makalapo, chifukwa malume anga anali a geni imeneyi. Makala si amodzi. A mitengo yachilengedwe ndi olemera, amakhalitsa. A paini kapena a bulugamu wamng'ono amapepuka, amangoti phuu n'kutha. Mukasankha dala opepukawo kuti anu aoneke abwino, ndi chinyengo chomwe chija, changovala malaya ena. Komanso mtengo wa m'kajumbo ndi wokwera kuposa wa pathumba. Ngati mayiwo amagula thumba lathunthu, K1,500 yawo imagula makala ambiri kuposa K1,500 ya munthu wogula kajumbo pamsewu.

Tiyamike: Amagula a m'ndowa tsiku ndi tsiku kwa bambo wina pafupi ndi lesitilanti yawo. Alibe posunga thumba, komanso ndalama ya thumba lonse nthawi imodzi imawavuta.

Che Jafali: Basi, akagule okha kwa bambo yemweyo, pa mtengo wa tsiku limenelo, inu muzijambula. Musawasankhire.

Bambo Nkhoma: Che Jafali, mwatipatsa chithunzi choyamba cha kanema ndi chilungamo cha mayeso nthawi imodzi. Zikomo.

Mayamiko: Koma abale, nyemba zimatenga maola awiri ndi kuposa. Tiziika bwanji mu mphindi imodzi? Apa ndi pomwe ine ndingathandize. Foni imodzi ikhale pa choimikira, isasunthe, ijambule kuyambira poyatsa mpaka pomaliza osaimitsa. Igone chopingasa, osati choimirira ngati za pa sitetasi, chifukwa akaonera pa laputopu kapena pa pulojekita. Mbaula zonse ziwiri, milu yonse iwiri ndi wotchi yapakhoma ya mivi zikhale m'chithunzi chimodzi. Pokonza tidzathamangitsa, maola awiri ndi theka akhale masekondi 40, mivi ya wotchi izioneka ikuzungulira. Foni yachiwiri ndi yoyandikira nayo: dzanja likuthira makala oonjezera, chivundikiro chikutsegulidwa, nyemba pa chala. Muonetsetse kuti foni yoyambayo ili ndi malo okwanira ndipo yalumikizidwa ku pawabanki, ikhalenso pamthunzi kutali ndi moto. Foni ikatentha imazima yokha, zinandichitikirapo pakati pa malumbiro a ukwati. Muithimitsenso netiweki kuti wina asaimbe n'kudula kujambula.

Bambo Nkhoma: Apa a Mayamiko ndinu mphunzitsi wathu. Ndingoonjeza kuti kanema wamtali wosadulayo musamutaye. Mumusunge pa fulashi, ndipo pa sikirini palembedwe kuti "tathamangitsa, wathunthu alipo". Mwina palibe adzamuonere, koma kumva kuti alipo kumakhazika mtima pansi. Ndipo mayeso muchite katatu, tsiku lina musinthanitse mbaula, kuti wina asati mbaula yakumanja ndi yomwe imakoka mpweya bwino.

Dalitso: Ndifotokozeko zomwe zinandigwera ine, ngakhale yanga inali apu osati makala. Ndinapanga kapulogalamu kothandiza ana asukulu kupeza zipinda za lendi ku Chikanda. Tsiku loonetsa ndinati ndionetse pompopompo pa foni, netiweki inagwa, ndinangoima kutsogolo kachizindikiro kakuzungulira. Ulendo wachiwiri ndinajambuliratu sikirini, koma ndinadzaza mayina ndi nyumba zopeka kuti pazioneka podzadza. Mayi wina anafunsa kuti, "Mwa landilodi 60 amenewa, ndingaimbire uti pano?" Enieni anali 7. Ndinatuluka thukuta. Ndikanangoonetsa 7 omwewo bwenzi nkhani itapitirira.

Tiyamike: Pepani achimwene. Zikundikhudza, chifukwa inenso mu zomwe ndinalemba muli chiganizo chakuti "malesitilanti oposa 30 asonyeza chidwi".

Bambo Nkhoma: Agulapo ndi angati? Abweranso ndi angati?

Tiyamike: Ayesapo ndi 14. Amene agula kopitirira katatu ndipo akugulabe ndi 9. Asanu anasiya. Awiri anati phulusa limatseka mabowo a mbaula, mmodzi anati timachedwa kubweretsa, awiri sindikudziwa.

Bambo Nkhoma: Nenani 14 ndi 9. Za 30 zija zisiyeni, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu woika ndalama akamva "asonyeza chidwi" amadziwa kuti palibe walipira. Koma akamva kuti mwa 14 oyesa, 9 akubwerabe, amatenga cholembera. Kumanzere kwa pepala lanu pakhale kope la maoda likutsegulidwa tsamba ndi tsamba, masiku akuoneka, ndi mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money a malipiro. Mayina ndi manambala a anthu muwaphimbe. Ndipo awiri amene simukudziwa chifukwa chomwe anasiyira, pitani mukawafunse lisanafike Lachinayi. Funso limenelo lidzabwera ndithu.

Mayi Nachisale: Za phulusazo mayi a ku Chinamwali amatani nazo?

Tiyamike: Amagwedeza mbaula kamodzi pakati pa kuphika, n'kutokosa pansi ndi kawaya.

Mayi Nachisale: Ndiye anene okha zimenezo mu kanemamo, ndipo aonetse. Koma usakawapatse mawu oloweza. Ife amayi a pamsika ukatipatsa pepala timauma pakamwa, timayankhula ngati tili kukhoti. Ukakhale nawo pansi nthawi yomwe makasitomala achepa, cha m'ma 3 koloko masana, uziwafunsa ngati mukucheza. Usafunse kuti "Kodi mabuliketi ndi abwino?" chifukwa adzangoti eya pokulemekeza. Ufunse kuti, "Tandiuzeni za tsiku loyamba lomwe munawayesa." "Chimakutopetsani ndi chiyani pa mabuliketiwa?" "Ndalama yotsalayo mumachita nayo chiyani?" Uwasiye alankhule mphindi khumi, iwe udzatolamo ziganizo ziwiri. Uwauzenso bwinobwino kuti kanemayu akaonetsedwa kwa ndani, avomere. Anthu ena safuna kuti anzawo adziwe ndalama zomwe amagwira.

Mayamiko: Ndipo mawu ajambulidwe pafupi. Pa Chinamwali pamsewu paja pali phokoso la maminibasi ndi njinga zamoto. Chithunzi chosaoneka bwino anthu amapirira, koma mawu osamveka amatopa nawo msanga. Ndili ndi kamaikolofoni kopanira pa bulauzi, ndidzakubwerekani. Kakapanda kupezeka, foni ina iikidwe pa tebulo pafupi ndi pakamwa pawo, tidzalumikiza pokonza.

Yohane: Funso langa ndi la mzungu uja. Ngati samva Chichewa, bwanji osangopanga zonse m'Chingerezi? Mupeze mnyamata wa mawu abwino wa pa wailesi awerenge.

Bambo Nkhoma: Mayi aja alankhule Chichewa chawo, pansi palembedwe Chingerezi, mizere isapitirire iwiri nthawi imodzi. Mawu ofotokozera akhale a Tiyamike mwini wake, m'chiyankhulo chomwe adzagwiritse ntchito pa msonkhanopo. Alendowa akuika ndalama mwa munthu, ndiye amve mawu a munthuyo. Wa pa wailesi adzapangitsa kuti zimveke ngati malonda a sopo.

Dalitso: Ndipo mawu olembedwa pansiwo akhale pa kanema yense, osati pa mayi okha. Malo ena mumapeza pulojekita ilipo koma sipika palibe. Kanemayo amveke ngakhale atatsekedwa mawu. Musunge ngati MP4, 1080p, pa laputopu, pa fulashi ndi pa foni. Musadalire kutsegula pa intaneti, ndipo laputopu ikhale yodzadza moto kuti magetsi akathima mungoitembenuzira kwa alendowo. Anthu atatu akhoza kuonera pa laputopu bwinobwino.

Tiyamike: Ndabweranso abale. Tachita mayeso dzulo ndi lero, lachitatu ndi mawa. Dzulo makala a K1,500 anatha patadutsa ola limodzi ndi mphindi 40 nyemba zisanafewe, mayi anaonjeza a K700, zinapsa pa maola 2 ndi mphindi 10. Za pa mabuliketi zinapsa pa maola 2 ndi mphindi 35, osaonjeza kanthu, awiri anatsalako. Lero titasinthanitsa mbaula anaonjeza makala a K600, ndipo kusiyana kwa nthawi kunali mphindi 20. Ndalembanso motere, mundikonze:

0:00 mpaka 0:25. Chooneka: m'mamawa, mayi akuwerenga ndalama kwa wogulitsa makala, ndowa ikukhuthulidwa. Pa sikirini: K6,000 patsiku, ndi mwezi ndi chaka. Chomveka, mawu a mayi: "Ndisanagulitse mbale ngakhale imodzi, sikisi sauzande yapita kale ku moto."

0:25 mpaka 0:50. Chooneka: mulu wa mankhusu kuseri kwa chigayo, mgolo ukufuka, kamakina kakupanikiza, buliketi m'dzanja. Chomveka, ine: "Awa ndi mankhusu a mpunga omwe zigayo zimataya. Timawaotcha, timawamanga ndi phala la chinangwa, timagulitsa K600 pa kilo."

0:50 mpaka 1:50. Chooneka: mayeso a nyemba. Chomveka, ine poyamba pokha: "Nyemba zofanana, mapoto ofanana, moto wa K1,500 mbali iliyonse." Kenako chete mpaka pothira makala oonjezera. Pomaliza pa sikirini: makala K2,200, maola 2:10. Mabuliketi K1,500, maola 2:35.

1:50 mpaka 2:20. Chooneka: mayi akugwedeza mbaula, kenako nkhope yawo. Chomveka, mayi: "Amachedwa kuyaka, phulusanso ndi lambiri, umayenera kugwedeza. Nsima ndimaphikirabe makala. Koma nyemba ndi nyama ndimangotereka m'mawa n'kumapanga zina. Pano moto ukundidyera folo sauzande faifi handiredi."

2:20 mpaka 2:45. Chooneka: kope la maoda. Chomveka, ine: "Malesitilanti 14 ayesa, 9 akugulabe. Timapanga makilo 300 pa sabata ndipo onse amatha."

2:45 mpaka 3:00. Chooneka: mlongo wanga akukanikiza kamakina ka manja, thandala loyanikira lodzadza. Chomveka, ine: "Chikutiletsa kukula ndi kamakina aka ndi poyanikira. Tikufuna K9 miliyoni ya makina a magetsi ndi shedi."

Bambo Nkhoma: Mwana wanga, uyu ndiye kanema. Ndawerenga ndi wotchi, mawu akukwana ndipo pali popumira. Ndili ndi zitatu. Choyamba, mwasankha zotsatira za dzulo, zomwe pa ndalama zikukukomerani kuposa za lero. Dikirani za mawa, muonetse zapakati, ndipo palembedwe kuti mwayesa katatu. Chachiwiri, mwachita bwino kulemba mwezi ndi chaka pa mtengo. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya mwezi umodzi inakhala nthano mwezi wotsatira. Kwa mlendo wakunja uja K6,000 siimuuza kanthu, ndiye pomwe mayi akutchula K4,500 palembedwe kuti ndalama ya moto yatsika ndi 25 peresenti. Chachitatu, "onse amatha" ndi mawu chabe. Muli ndi oda yomwe munaikana chifukwa katundu anatha?

Tiyamike: Ilipo. Sukulu ina yogonera pompo inafuna makilo 200 pa sabata, tinalephera. Uthenga wawo ndikadali nawo.

Bambo Nkhoma: Umenewo uoneke, dzina mutaphimba. Ndi umene ukulumikiza kope lanu ndi makina omwe mukufuna. Koma chiganizo chomaliza cha K9 miliyoni ine ndikanachichotsa. Kanema athere pa kamakina ka manja ndi thandala lodzadza, magetsi ayake, inu muimirire n'kunena ndi pakamwa panu, mukuwayang'ana m'maso. Ndalama imapemphedwa ndi munthu. Komanso mukakumana ndi ena mwezi wa mawa mtengo wa makina utasintha, simudzafunika kukonzanso kanema.

Dalitso: Apa bambo ndikusiyana nanu pang'ono. Anthu amenewa nthawi zambiri sagamula okha. Akabwerera ku Lilongwe kanemayo adzatumizira anzawo amene sanabwere. Amenewo adzaonera popanda Tiyamike pafupi. Akafika kumapeto osamva chomwe chikufunika, adzati nkhani yabwino, basi.

Bambo Nkhoma: Mfundo yanu ndi yomveka. Komabe wotumiziridwayo amalandiranso pepala la ziwerengero, sangagamule ndi kanema yekha.

Dalitso: Ambiri amaonera kanema, pepala osatsegula.

Mayamiko: Kupanga awiri si ntchito. Wina wothera pa kamakina wa pa msonkhano, wina wokhala ndi tsamba lomaliza lolembedwa ndalamayo woti atumize. Ndi mphindi zisanu pa kompyuta. Koma ndabwereranso ku phiri langa monga ndinalonjeza. Enatu mwa anthu oika ndalamawa amayang'ana za chilengedwe, ndalama zawo zimachokera ku matumba a zimenezo. Kanema yense osatchula za kutha kwa mitengo ngakhale pang'ono? Masekondi asanu okha, njinga za makala zikutsika m'mawa.

Che Jafali: Njingazo musamale nazo. Ambiri mwa anthu amenewo alibe ziphaso, ndipo lamulo la za nkhalango ndi lolimba. Mukajambula nkhope ya munthu mwamuika m'mavuto, iye akungofuna chakudya cha ana. Ngakhale bambo wogulitsa m'ndowa uja, ajambulidwe manja okha.

Tiyamike: Zoona Che Jafali, sindinaganizeko. Tidzadula kuti nkhope yawo isaoneke. Za phirizo mtima wanga ukadali komweko, chifukwa ndi chomwe chinatiyambitsa. Koma sindingathe kunena kuti tapulumutsa mitengo ingati, sindinawerengepo.

Bambo Nkhoma: Ndiye musatchule nambala ya mitengo. Chomwe mungathe kutsimikiza ndi chakuti mayi mmodzi wachepetsa makala kuchoka pa K6,000 kufika pa K2,000 patsiku. Wa zachilengedwe adzawerengera yekha. Koma fufuzani kaye kuti alendowa ndalama zawo amaika kwambiri mu zotani. Mukapeza kuti ndi a zachilengedwe, apatseni a Mayamiko masekondi awo asanu pa 0:25, osati poyambirira.

Mayi Nachisale: Ine nkhawa yanga ndi ina. Kanemayu mukujambula kukuwala dzuwa. Nanga Januwale? Zomba mvula yake mukuidziwa, imatha kugwa sabata yathunthu phiri osaoneka. Mabuliketi osauma ndi utsi wokhawokha, ndipo amafumbutuka m'manja.

Tiyamike: Ndi zoona mayi. Nthawi ya dzuwa amauma masiku 4. Dzinja lapitali ankatenga masiku 9, ndipo tinatsika kufika makilo 120 pa sabata. Mmodzi uja anati timachedwa kubweretsa anatisiya nthawi imeneyo. N'chifukwa chake tikufuna shedi.

Mayi Nachisale: Nanga bwanji sizili mu kanemamo? Wangoti "poyanikira", ine sindikanamva kuti vuto ndi mvula.

Bambo Nkhoma: Mayi agwira pomwe ine ndinadumpha. Sinthani chiganizo chomaliza chikhale: "Dzuwa likamawala timapanga makilo 300, mvula ikamagwa 120." Tsamba la Januwale m'kope lija lioneke pambali pa tsamba la mwezi uno. Kuti nthawi ikwane, chotsani masekondi asanu pa kapangidwe, mgolo ukufuka sufunika kuonedwa nthawi yaitali. Ndipo mukonzekere funso lomwe kanemayu adzadzutse: zigayo zikadzaona kuti mankhusu ali ndi msika n'kuyamba kukulipiritsani, K600 ija idzakhalabe? Pano kilo imodzi imakudyerani zingati?

Tiyamike: Pafupifupi K420, kuwerengera thiransipoti, ufa wa chinangwa, mapaketi ndi mnyamata wotithandiza. Mankhusu pano timangolipira wopakira. Za kulipiritsazo sindinawerengere, ndikhala pansi ndi mlongo wanga usiku uno. Malipiro a ife awiri sindinaikemonso, kaya ndiyenera kuikamo?

Bambo Nkhoma: Muikemo, adzafunsa. Imeneyo ndi nkhani ya pepala la ziwerengero, mundiimbire mawa madzulo tidzaione.

Mayamiko: Mawa mayeso achitatu mukuyamba nthawi yanji? Ndibwera ndi choimikira foni ndi kamaikolofoni kaja. Wotchi yomwe munagwiritsa ntchito dzulo ndi yaing'ono, pa kachidutswa komwe mwanditumizira mivi sikuoneka. Alipo ali ndi yaikulu yapakhoma pafupi ndi Chinamwali?

Yohane: Ilipo ku shopu kwanga, ya nkhope yoyera. Ndidzaisiya pa lesitilantipo isanakwane 7 koloko, mungogula batire.